Inshuwalansi ikakwera, funsani manambala atatu musanalipire

Mwezi watha ba malume anandiitana ku Matero. Ali ndi Hiace imodzi yoyenda pakati pa Matero ndi tauni, ndipo ndiyo idyetsa nyumba yonse. Ndinawapeza atagwira pepala la kampani ya inshuwalansi. Chaka chatha analipira K18,900, koma manje pepala linati K25,200.

"Mwana wa mlongosi, iwe unaphunzira," anatero. "Basi ni yamene ija, yakalambako na kukalamba. Manje ndalama yakwera bwanji?"

Inu amene mukwera basi tsiku lililonse, nkhaniyi ikukhudzani. Inshuwalansi ikadula, mwini basi amakweza kashing'i, dalaivala n'kuyamba kuthamanga. Ena amasiya kulipira, n'kumanyamula anthu opanda chowateteza.

Tinakhala pansi n'kuwerenga. Pa inshuwalansi yoteteza zonse, yolipira ngakhale motoka yanu ikawonongeka, kampani imatenga mtengo wa motoka n'kuchotsapo peresenti yake. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa boma, umene unakwera kuchoka pa 3 kufika pa 5 peresenti mu 2022. Chaka chatha basi inalembedwa pa K300,000, peresenti inali 6. Imeneyo ndi K18,000, kuphatikiza msonkho wa K900. Chaka chino mtengo anausiya womwewo, koma peresenti anaikweza kufika pa 8.

Zifukwa zinali ziwiri. Choyamba, m'nyengo ya mvula dalaivala anagunda kumbuyo kwa motoka ina pa Lumumba Road, kampani inalipira. Munthu wosachita ngozi amamuchotserako ndalama chaka ndi chaka, koma ukangopempha kulipiridwa, mwayi umenewo umatha. Chachiwiri si mlandu wa ba malume. Masipeya amagulidwa kunja ndi madola, ndipo pakati pa 2022 ndi kumapeto kwa 2023 dola inachoka pafupi ndi K16 n'kupyola K25. Galasi ndi bampala zikadula, kampani imagawira mtengowo onse olipira, ngakhale amene sanagunde.

Dola sitingakambirane nayo. Koma manambala atatu angasinthe: mtengo wa motoka, peresenti, ndi ndalama imene mwini amayamba kutulutsa yekha pa ngozi, imene a inshuwalansi amati ekisesi.

Tinayamba ndi mtengo. Basi ikatheratu, kampani nthawi zambiri imalipira mtengo umene ikanagulitsidwa pa tsiku la ngozi, osati umene uli papepala. Choncho kulemba K300,000 pa basi yotsika mtengo n'kutaya ndalama. Woyesa mitengo ya motoka anaiona, analemba K260,000. Koma chenjerani, osatsitsa mwadala. Basi ya K260,000 mukailemba K130,000, kampani ikhoza kukupatsani theka chabe la zowonongeka.

Kenako tinakapempha mitengo yolembedwa ku makampani ena awiri. Mu Lusaka alimo ambiri, monga ZSIC General, Madison General ndi Professional Insurance, ndipo kufunsa n'kwaulere. Pa amene tinapitako, ina inatipatsa 7 peresenti. Pepala limenelo ndilo linatipatsa pakamwa. Ba malume analiika pa tebulo la kampani yawo, nati: "Zaka zinayi nili na imwe, ngozi imodzi chabe. Nikhale kapena niyende?"

Mayi wa pa ofesi anapita kwa akulu ake. Atabwerera anavomera 7 peresenti, koma ekisesi ikwere kuchoka pa K3,000 kufika pa K5,000. Zinatuluka K18,200 ndi msonkho wa K910, zonse pamodzi K19,110. Ba malume anapulumutsa K6,090. Komabe ikagundanso, K5,000 yoyamba idzachoka m'thumba mwawo. Ngati mulibe posunga ndalama yotere, musavomere ekisesi yaikulu.

Nanga akakana? Samukani, koma mwadongosolo. Yambani kufunsa kudakali milungu itatu kapena inayi. Pemphani kalata yosonyeza mbiri yanu ya ngozi, chifukwa kampani yatsopano idzaifuna kuti ikuchotsereni. Yatsopano iyambe tsiku limene yakale ikutha, pakuti lamulo la pamsewu la 2002 silola motoka kuyenda popanda inshuwalansi yoteteza anthu ena. Onani ngati kampaniyo kapena wothandizira wake ali ndi laisensi ya Pensions and Insurance Authority, komwenso mungakadandaule akakana kukulipirani. Ndipo landirani lisiti ya kampani, osati ya munthu wa pakona.

Chomaliza, mtengo ukatsika kwambiri, werengani kuti achotsapo chiyani. Funsani ngati okwera ali otetezedwa, ndiponso mpaka ndalama zingati. Nenaninso zoona za ntchito ya motoka. Mukalemba kuti ndi yapanyumba pamene inyamula anthu ku Kanyama kapena ku Mtendere, tsiku la ngozi kampani idzakana, ndipo ovulala adzabwera pakhomo panu.

Potuluka, ba malume anapinda pepala lakale n'kuliika m'thumba. Ati chaka chamawa adzayamba kufunsa kalata isanafike.