Musanamizire khofi wanga

Abale a m'tauni, lero ndiyankhe. Alamu anga anatenga khofi wa m'munda mwanga, kenako n'kulengeza pagulu la banja kuti ndi wowawa ngati kwinini, bola wa m'chitini. Anthu awiri amene amafuna kugula abwerera m'mbuyo.

Nditawafunsa, akuti anasinja mpaka kusalala ngati ufa woyera, n'kumubwatitsa pamoto mphindi 10. Alamu, pamenepo wolakwa ndi mlimi?

Madzi akakumana ndi khofi amayamba kutulutsa fungo ndi kukoma, kuwawa kumabwera pambuyo. Ufa wosalala umatulutsa zonsezo msangamsanga, chifukwa madzi amaulowa paliponse. Sinjani pang'ono, akhale ngati misere, ndipo fumbilo mulichotse ndi sefa.

Madzi obwata nawo amafulumizitsa kuwawa komweko. Akawira, phulani, dikirani pafupifupi mphindi imodzi, kenako thirani pa khofiyo. Mphika usabwererenso pamoto ayi.

Nthawi yake ndi mphindi 4 basi. Zikakwana, sefani yense nthawi yomweyo. Mukamusiya ndi masese ake mufulasiki, amapitiriza kuwawa inu muli pa macheza.

Ine ndimathira masupuni aakulu awiri pa kapu imodzi. Akatuluka wowawasa komanso wamadzimadzi, ndiye kuti misere yakula kapena mwafulumira kusefa. Sinthani chinthu chimodzi, mulawenso.

Alamu, khofi ameneyu ndathyola ndekha, wofiira yekhayekha. Bwerani Loweruka ndikuphikireni. Akawawa, ndalama yanu ndibweza pamaso pa anthu.