Chimangirizo chimodzi, sikelo imodzi



Mlimi akagulitsa nandolo pa Lirangwe amafuna kuti kilo ya kumeneko ifanane ndi ya ku Chileka. Ifenso tikuti malikisi a chimangirizo asadalire amene wagwira cholembera chofiira.

Tiyerekeze kuti pa mayeso oyeserera a Folomu 4 aphunzitsi atatu achonga pepala limodzi. Pa malikisi 20, wina wapereka 9, wina 12, wina 15. Woyamba walanga masipelo, wachitatu wakopeka ndi nkhani yokoma. Mwanayo sangadziwe pomwe ali, chonsecho pa MSCE 6 ndi kirediti pamene 7 ndi kungokhoza chabe.

Tikupempha kuti kuchonga kusanayambe tizisankha mapepala atatu achitsanzo: lolembedwa bwino, lapakatikati ndi lofooka. Tibise mayina, tipange fotokope, aliyense achonge payekha. Tikasiyana ndi malikisi oposa 2, tikambirane mpaka tigwirizane, ndipo chifukwa chake tichilembe pa pepalapo. Mapepalawa ndiwo akhale miyala ya sikelo yathu.

Munthu akatopa, dzanja limalemera kapena kupepuka. Choncho akachonga mapepala 20, abwererenso ku chitsanzo chimodzi. Akapeza kuti wasuntha, awonenso mapepala amene wangomaliza.

Ena akuti n'kutaya nthawi. Zoonadi, masana athunthu amapita, ndipo funso lililonse limafuna zitsanzo zakezake. Komabe mwana wonamizidwa ndi malikisi amataya chaka. Akomiti, tithandizeni ndalama ya fotokope teremu ino.