Loboti yosankha matimati isamatchedwe yanzeru msanga

Wophunzira amene akufotokoza za loboti yosankha matimati pa chionetsero cha sayansi kusukulu ayambe ndi kunena zoona: makinawo sadziwa kupsa, amangoona manambala. Kamera imagawa chithunzi m'timadontho, ndipo kadontho kalikonse kamakhala ndi manambala atatu, a kufiira, kubiriwira ndi buluu, kuyambira 0 mpaka 255. Pophunzitsa lobotiyo, anthu amajambula matimati ambirimbiri n'kulemba pa chithunzi chilichonse kuti "lakupsa" kapena "losapsa". Kompyuta imalosera, ikalakwa imasintha pang'ono kawerengedwe kake, mpaka zolakwa zitachepa. Kenako imayesedwa ndi zithunzi zimene sinazionepo, chifukwa kukhoza mafunso oloweza si kudziwa. Ena anganene kuti bwanji osangoiuza kuti lofiira ndilo lakupsa? Lamulo limenelo limagwa msanga: tomato wongoyamba kupsa amafiira kunsi koma pa kaphesi akadali wobiriwira, ndipo mitundu ina imapsa yachikasu. Kuphunzira nakonso kuli ndi msampha wake. Ngati akupsa onse anajambulidwa padzuwa, osapsa pamthunzi, loboti imaphunzira kuwala, osati tomato. Chotero wophunzirayo azimitse nyale imodzi pamaso pa oweruza, aone ngati ikusankhabe bwino.