Musafafanize Ntchito Yoyamba

Pa tchuthi ndimagwira ganyu pa kasitolo kena kosindikiza makadi mu mzinda wa Zomba. Timakonza makadi a ukwati, ndondomeko za mwambo wa maliro ndi zikwangwani za misonkhano ya mipingo. M'chimangirizo ichi ndikufuna kuonetsa kuti munthu wokonza zojambula pakompyuta sayenera kufafaniza ntchito yoyamba pamene kasitomala wapempha kuti pasinthidwe zina. Kusintha kulikonse kuzisungidwa pakokha, ndi dzina lake lomveka bwino, kuti mwini ntchito athe kuika chakale ndi chatsopano pamodzi n'kusankha yekha. Maganizo amenewa ndinawaphunzira mowawa.

Tsiku lina kunabwera azakhali a mkwatibwi kudzaitanitsa makadi 200. Ndinakonza khadilo mu CorelDRAW: pansi pofiirira, zilembo zagolide, maluwa m'makona awiri. Analikonda, ndipo anati akaonetse kaye komiti. Patapita masiku awiri anabwerera ndi mfundo zitatu. Mtundu ukhale wobiriwira ngati zovala za operekeza akwati, chithunzi cha akwati chikule, ndipo nthawi yodalitsa ukwati ichoke pa 9 koloko ipite pa 10 koloko. Ndinatsegula fayilo yomwe ija, ndinasintha zonse, n'kudina `Ctrl+S`. Tsiku lotsatira ndinakonzanso timizere tina, n'kusunganso pamwamba pomwepo.

Kumapeto kwa sabata anabwera ndi amalume a mkwati. Bamboyo atayang'ana khadi lobiriwira anati, "Mwana wanga, tatiwonetsaninso lija loyamba, tiyerekeze." Ndinayankha kuti, "Pepani bambo, lija ndinalisintha kale." Kunena zoona, khadi loyamba linali litafa. Ndinatha maola awiri ndikulimanganso potengera kachithunzi komwe ndinawatumizira pafoni. Iwo anasankha lofiirira lomwelo, koma pokopera mawu a pa kachithunziko ndinabwezeretsanso 9 koloko osazindikira. Makadi onse 200 anatuluka ndi nthawi yolakwika, ndipo ndalama zosindikizira kachiwiri anandidula pa malipiro anga.

Anzanga ambiri amaganiza kuti kompyuta imakumbukira zonse, choncho munthu angathe kubwerera m'mbuyo nthawi ina iliyonse ndi `Undo`. Izi si zoona. Mu Photoshop mndandanda wa `History` umasunga masitepe owerengeka okha, ndipo ukatseka fayilo wonse umafafanizika. CorelDRAW imatha kusiya fayilo yoyamba ndi mawu akuti `Backup_of_`, koma imeneyi imagwira ntchito monga inalili usanasunge komaliza basi. Ukasunga kawiri, monga ndinachitira ine, choyamba chija chapita. Kusiyana kwa `Save` ndi `Save As` n'kumene kuli gwero la nkhani. Lamulo loyambalo limalemba pamwamba pa fayilo yakale, pamene lachiwirili limapanga fayilo yatsopano n'kusiya yakale ili momwemo.

Akuluakulu amati m'mera mpoyamba. Lero kasitomala akangondipatsa zinthu zake, kaya chithunzi, chizindikiro cha mpingo kapena khadi lakale loti ndilikonzenso, ndimaziika mu foda yakeyake ndipo sindigwiriramo ntchito. Ndimadina fayiloyo ndi batani lakumanja la mbewa, kulowa pa `Properties` n'kuchonga `Read-only`, kuti ndikaiwala kompyuta ikane kusunga pamwamba pake. Izi n'zofunika kwambiri pa zithunzi za JPEG, chifukwa nthawi iliyonse ukasintha chithunzi chotere n'kuchisunganso monga JPEG chimataya kuwala kwake pang'ono, ndipo chotayikacho sichibwerera. Chizindikiro chake ndi timabanga tooneka m'mbali mwa zilembo ndi pankhope ukachikulitsa.

Kenako pakubwera nkhani ya dzina. Pakompyuta ya pasitolo pathu ndinapezapo mafayilo otchedwa `final`, `final2` ndi `final final`. Palibe amene ankadziwa kuti yeniyeni ndi iti. Mawu oti chomaliza ndi bodza limene wokonza amadzinamiza nalo yekha, pakuti kasitomala asanavomereze ntchito siinathe. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Dzina labwino liyenera kuyankha mafunso atatu: ndi ntchito yanji, ndi kusintha kwachingati, ndipo kunachitika liti. Khadi lija ndikanalisunga motere:

```
017_khadi-ukwati_v01_2024-08-05.cdr
017_khadi-ukwati_v02_2024-08-07.cdr
017_khadi-ukwati_v03_2024-08-10.cdr
```

Nambala ya kumayambiriro ndi ya ntchitoyo m'buku la maoda, chifukwa makadi a ukwati timakonza ambiri. Ziro amene ali mu `v01` ali ndi ntchito yake. Mapulogalamu ena amasanja maina potsata chilembo chimodzichimodzi, motero `v10` amabwera patsogolo pa `v2`, koma ukalemba `v02` mndandanda umakhala wolongosoka kulikonse. Tsiku nalo limayamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako deti, potsata muyeso wa ISO 8601, kuti mafayilo azisanjika okha kuyambira wakale. Sitilemba tsiku ndi kamzere kopendekeka monga timachitira m'kope, chifukwa Windows salola chizindikiro cha `/` m'dzina la fayilo. Ena amadalira tsiku limene kompyuta imaonetsa pambali pa fayilo, koma limeneli limasintha ukangotsegula fayilo yakale n'kuisunganso, pamene lolembedwa m'dzina limakhala chikhalire.

Funso lina ndi lakuti nambala yatsopano iziyamba liti. Sikuti ukasuntha duwa limodzi uzipanga fayilo ina ayi. Lamulo langa ndi ili: chilichonse chimene kasitomala wachiona chimatsekedwa. Ndikangotumiza `v01`, sindiikhudzanso. Mfundo zikabwera, chinthu choyamba ndisanagwire kanthu ndi kuchita `Save As` n'kulemba `v02`. Ndikachedwetsa kuti ndidzachite pomaliza, dzanja lozolowera limathamangira ku `Ctrl+S`, ndipo ngozi ija yachitikanso.

Komabe kusunga bwino pakokha sikumuthandiza kasitomala ngati sangathe kuona zimene wasunga. Azakhali aja alibe CorelDRAW pafoni pawo. Choncho fayilo iliyonse yogwirira ntchito imakhala ndi inzake ya PDF ya dzina lomwelo. Apa palinso msampha. Chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp monga chithunzi wamba chimafinyidwa, ndipo dzina lake limasanduka lina, longa `IMG-20240807-WA0005.jpg`. Dzina lonse lomwe unalikonza mosamala latayika. Kuti lisatayike, fayilo izitumizidwa monga `Document`. Kuwonjezera apo ndimalemba nambala ndi tsiku pa chojambulacho, kunsi, kunja kwa malire odulira pepala. Motero ngakhale wina ajambule sikirini n'kutumiza kwa wachibale ali ku Joni, nambala imapita nawo.

Njira imene yandithandiza koposa ndi tsamba loyerekezera. Pa pepala limodzi la A4 logoneka ndimaika chakale kumanzere ndi chatsopano kumanja, zonse pa msinkhu wofanana. Msinkhu ukasiyana, diso limakopeka ndi chachikulucho ndipo munthu amasankha molakwa. Pansi pake ndimalemba zimene zasintha m'Chichewa chomveka: mtundu wachoka pa kufiirira wapita pa kubiriwira, chithunzi chakula, nthawi yachoka pa 9 koloko yapita pa 10 koloko. Diso limaona msanga kusintha kwa mtundu, koma nambala imodzi yosinthidwa pakati pa mawu ambiri silingaione popanda kuuzidwa.

Taonani mmene tsamba lotere likanandipulumutsira. Amalume aja akanaona makadi awiri pamodzi n'kunena kuti akufuna lofiirira. Ine ndikanayang'ana mndandanda wa zosintha n'kufunsa kuti, "Nanga nthawi, bambo, tisiye 10 koloko?" Kenako ndikanatsegula `v01`, kuisunga monga `v03`, n'kulowetsamo nthawi yatsopano. Onani kuti kubwerera ku chojambula chakale sikutanthauza kubwerera ku nambala yakale. Nambala imapita patsogolo nthawi zonse, chifukwa zosintha zina n'za kukoma kwa maso, zimene munthu angazikane, pamene zina n'zokonza uthenga, zimene ziyenera kutsatira kulikonse.

Alipo amene amatsutsa. Mnzanga wina wa pasitolopo amati mafayilo ambiri amadzaza kompyuta. Pa ntchito za makanema mfundoyi ingamveke, koma khadi la ukwati ngakhale ulisunge kasanu silingafike pa kukula kwa filimu imodzi mwa zimene amasunga pakompyuta yomweyo. Ena amati kumuonetsa kasitomala zakale kumamupangitsa kusinthasintha maganizo. Ine ndaona zosiyana. Munthu amene akuyerekeza ndi chithunzi cha m'mutu mwake ndiye savomereza msanga, chifukwa chakale chimakoma kwambiri m'chikumbumtima. Akaziona zonse ziwiri ndi maso, nkhani imatha msanga. Ndiponso manambala amateteza wokonza. Ngati munagwirizana kuti mtengo ukuphatikiza kusintha kawiri, `v04` ndi umboni woti pakufunika ndalama yowonjezera, ndipo palibe kukangana.

Ndivomereze kuti njirayi ili ndi malire ake. Dzina labwino silingathandize ngati mafayilo onse ali pakompyuta imodzi imene ingapse magetsi akabwera mwamphamvu, n'chifukwa chake foda ya ntchito iyenera kukoperedwanso pa fulashi kapena malo ena. Chachiwiri, fayilo yakale ingatseguke ndi maonekedwe ena ngati mtundu wa zilembo umene unagwiritsidwa ntchito wachotsedwa pakompyutapo. Apa PDF ija ndiyo mboni yodalirika ya zimene kasitomala anaona. Chachitatu, mtundu wa pafoni sufanana ndendende ndi wa papepala, choncho pa ntchito yaikulu ndi bwino kusindikiza khadi limodzi la chakale ndi limodzi la chatsopano kuti munthu awagwire m'manja.

Pomaliza, kasitomala akavomereza ndimamupempha kuti atchule nambala, kaya pa uthenga wa pafoni kapena posaina pa pepala loyerekezera. Mawu oti "lija lofiirira" sakwanira, chifukwa lofiirira lingakhale `v01` ya 9 koloko kapena `v03` ya 10 koloko. Akatero ndimakopera fayiloyo mu foda ya zosindikiza n'kuwonjezera mawu akuti `yavomerezedwa` kumapeto kwa dzina lake. Mu foda imeneyo mumakhala fayilo imodzi yokha pa ntchito iliyonse, kuti wosindikiza asachite kulota. Khadi ndi la mwini ukwati, ndipo iye ali ndi ufulu woona kumene lachokera asanalipire. Ine ndinalipira makadi 200 kuti ndidziwe zimenezi, ndipo sindikufuna kuti mnzanga wina adzalipirenso.