Za Pamsika: Kufunsa njira ya geni osamutayitsa mnzako kasitomala

Pa Lirangwe, m'mbali mwa msewu wa M1 uja wochokera ku Lunzu kupita ku Zalewa, pali amayi ndi anyamata ambiri amene atopa ndi geni ya tomato ndi anyezi. Mtima uli pa kaunjika, ena pa okala. Amene anadutsa kale njira imeneyo ali pomwepo, mabenchi atatu kuchokera pamene mwakhala. Koma kuti mukawafunse, abale, mpamene pagona nkhani.

Tiyerekeze mayi wa tomato amene wasunga kampamba ku banki m'khonde ndipo akufuna kuyamba kuoda belo ku Limbe. Asathamangire kwa amene adzapikisane naye. Ngati akufuna zovala za ana, akafunse wogulitsa majekete, kapena wa zovala za ana yemweyo koma wa ku Lunzu kapena ku Chileka. Munthu sakuphunzitsa kumulanda makasitomala ake.

Nthawi ndiye yaikulu. M'mawa munthu asanagulitse kanthu musayerekeze. Ambiri sakondwa kuti woyamba kuima pabenchi akhale wosagula, ndipo tsikulo likayenda moipa dzina lanu lidzatchulidwa. Tsiku la msika nalonso ayi. Pitani tsiku wamba, cha m'ma 2 koloko, anthu atadya nsima, msika utazizira. Ndipo ulendo woyamba si wofunsa, ndi wopempha chabe:

"Mayi, pepani ndakuimitsani. Ine ndi uja wa tomato kumsewu. Ndikuganiza zoyamba kaunjika, ndiye ndimati mundiunikireko mmene munayambira inuyo. Mafunso ndi atatu basi, mphindi 10. Ndibwere liti? Za ndalama ayi, sindikudzabwereka."

Mawu omalizawo musawaiwale. Pamsika munthu akamva kuti "ndili nanu mawu", maganizo amathamangira ku ngongole, nkhope n'kuuma musanayambe n'komwe.

Tsono mafunso atatuwo. Loyamba: "Musanafike pogula belo lathunthu munayamba bwanji?" Apa mungamve kuti anayamba n'kupikula zovala zochepa kwa otsegula mabelo, kapena anasonkherana awiri belo limodzi. Imeneyo ndiyo njira imene kampamba kanu kangakwanitse. Lachiwiri: "Ndi belo lotani limene linakugwetsanipo?" Anthu amakonda kusimba za tsoka limene anapulumuka, ndipo m'menemo mumamva za belo lotuluka masanza, kapena majuzi ogula mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo.

Lachitatu ndi limene ndimalikonda ine: "Belo limodzi limakutherani masiku angati?" Funso limeneli likukuuzani mmene ndalama imazungulirira popanda kufunsa phindu la mwini wake. Akati zabwino zimatha masiku atatu koma zotsala zimagona mwezi, dziwani kuti gawo la mpamba wanu lidzagona mwezi pamphasa. Tomato munazolowera kuti ndalama imabwera madzulo omwewo. Ndiye muwerengere: m'mwezi umenewo ndiwo, chiphaso cha msika ndi ngongole ya ku banki m'khonde zidzachokera kuti? Yankho likasowa, tomato musamusiye kaye, yendetsani ziwiri.

Zosafunsa ndi ziwiri: amapeza zingati, ndi dzina la amene amamuoda. Zimenezo ndi chinsinsi cha geni, ndipo m'misika yathu ino, momwe nkhani za chitaka sizitha, wofunsitsa za ndalama za mnzake amayamba kuonedwa ndi diso lina. Akakukhulupirirani adzanena yekha tsiku lina. Mitengo imene angatchule ya pamene ankayamba muimve ngati mbiri chabe. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, choncho mtengo wa belo kaufunseni nokha ku Limbe sabata imene mukukagula.

Kasitomala akaima, tsekani pakamwa, sunthirani pambali, ngakhale nkhani ili pakati. Musathandizire kunenerera mtengo, simunalembedwe ganyu. Mukaona mayi uja wayamba kupindapinda zovala zopinda kale, maso ali kumsewu, mayankho ndi "eya, eya" basi, nthawi yatha. Mphindi 10 zikakwana nenani nokha: "Mayi, nthawi ndinapempha ija yakwana, zikomo kwambiri." Akati khalani, khalani, koma anene ndi iwo.

Ena amafuna kuchita zonsezi pafoni. Chabwino, koma kufulasha munthu amene ukumupempha nzeru kuti akuimbire ndi mayunitsi ake ndi chipongwe chenicheni.

Potsanzika funsani kuti, "Ndani wina amene mungandilozere?" Kwa wachiwiriyo mukafika ndi dzina la woyamba, ndipo sakakuyesani kazitape. Mawa lake tumizani mwana ndi kamulu ka tomato. Pakatha mwezi dutsaniponso mphindi imodzi, muwauze kuti munapikula zovala 20 monga ananenera, ndipo zatsala zisanu ndi chimodzi.