Chithunzi cha satifiketi chichepe kaye musanachikweze

Nyengo yofunsira malo m'sukulu za ukachenjede kapena yofunsira ntchito ikafika, fomu ya pa intaneti imafuna chithunzi cha satifiketi ya MSCE, cha chitupa cha unzika, mwinanso cha kalata ya kusukulu. Wofunsira amayala pepala pathebulo, kulijambula ndi foni, n'kudina kuti likwere. Kenako kagudumu kaja kamayamba kuzungulira pa sikirini. Kakazungulira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, fomu imakana, mwina ponena kuti fayilo yakula kwambiri, mwina osanena kanthu. Ambiri amaloza chala netiweki, ndipo nthawi zina amakhala akunena zoona. Koma ine ndikuti gawo lalikulu la vutoli lili m'manja mwa wojambula: chithunzi chimene foni imatulutsa n'chachikulu kuposa chimene wolandira akufuna, ndipo chiyenera kuchepetsedwa pa foni pomwepo, podula m'mbali ndi pochepetsa muyeso wake, chisanakhudze bandulo.

Tiyambe ndi kukula kwake. Chithunzi cha pa foni ndi timadontho tambirimbiri tamitundu, mapikiselo, toyalidwa m'mizere. Mafoni ambiri amene ali m'matumba mwa anthu, a Tecno, Itel kapena Samsung, amatulutsa chithunzi cha madontho pafupifupi 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, onse pamodzi 12 miliyoni. Ngakhale foni yolembedwa 50MP pakatoni, nthawi zambiri imaphatikiza madontho anayi kukhala limodzi n'kutulutsa chithunzi cha 12.5 miliyoni, pokhapokha mwini wake atasankha yekha muyeso wonse. Chithunzi chotere chikasungidwa ngati JPEG chimalemera megabayiti atatu mpaka asanu. Mutha kuona nokha: tsegulani chithunzi, pitani pa Details, mupeza manambala awiri a muyeso ndi kulemera kwa fayilo mu MB kapena KB.

Tsono megabayiti anayi akakumana ndi netiweki yofooka zimatani? Liwiro la intaneti amaliwerenga m'mamegabiti, ndipo megabayiti imodzi ili ndi mamegabiti asanu ndi atatu, choncho chithunzi cha 4 MB ndi mamegabiti 32. Kukweza kumachedwa kuposa kutsitsa, chifukwa netiweki za mafoni zimapereka gawo lalikulu la mpata kwa zinthu zobwera ku foni, komanso mphamvu ya foni potumiza ku nsanja n'njochepa poyerekeza ndi ya nsanjayo. N'chifukwa chake munthu amatha kuonera kanema bwinobwino koma chithunzi chimodzi n'kumukanika kutumiza. Tiyerekeze kuti pamene mulipo liwiro lokwezera ndi theka la megabiti pa sekondi. Chithunzi chija chitenga masekondi 64. Chikachepetsedwa kufika 400 KB, chitenga masekondi asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Kusiyanaku sikungokhudza kudikira kokha. Pa mphindi yathunthu netiweki ili ndi mpata wokwanira wodukira, ndipo mafomu ambiri a pa intaneti sapitiriza pamene analekezera, amayambiranso pachiyambi. Deta imene inapita pa ulendo wolephera sibwezedwa. Amene wayesa katatu chithunzi chili pafupi kufika, wawononga megabayiti opitirira khumi popanda chokwera, pamene mapepala asanu ochepetsedwa bwino onse pamodzi akanalemera megabayiti awiri basi.

Kachepetsedwe kake tikaone pa satifiketi yomweyo. Tinene kuti pepalalo ndi la muyeso wa A4, mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Wojambula akaimirira pamwamba pake, pepala silidzaza chithunzi chonse. M'mbali mumalowa nsalu ya pathebulo yamaluwamaluwa, mpando, mwinanso chala chogwira pakona. Choyamba ndi kudula zonsezi ndi Crop, imene ili mu pulogalamu ya zithunzi ya foni iliyonse. Pa madontho 3000 ndi 4000 aja pangatsale 2400 ndi 3400, ndiye kuti pafupifupi limodzi mwa magawo atatu lachoka pepala lisanakhudzidwe n'komwe. Phindu lake limaposa pamenepo, chifukwa JPEG imawononga malo ambiri pa zinthu zamawangamawanga ngati nsalu ija kuposa pa pepala loyera. Chachiwiri ndi Resize. Mukasankha 50%, chithunzi chimakhala 1200 ndi 1700. Apa ambiri amaphonya masamu: theka m'lifupi ndi theka m'litali sizitsitsa madontho kufika theka, zimawatsitsa kufika limodzi mwa magawo anayi, kuchoka pa 8 miliyoni kufika pa 2 miliyoni. Fayilo imatsika kufika makilobayiti mazana angapo, kawirikawiri pakati pa 300 ndi 600 kutengera kuwala ndi kuchuluka kwa zolembedwa. Pa mafoni a Samsung, Resize imapezeka mkati mokonzera chithunzi mu Gallery. Pa iPhone, pulogalamu ya Mail imafunsa yokha ngati mukufuna Small, Medium, Large kapena Actual Size. Foni imene ilibe zoterezi imafunika kapulogalamu kochepetsera zithunzi, kotsitsa kamodzi, kamene kamagwira ntchito deta ili yozimitsa.

Chotsutsa choyamba, ndipo n'chomveka, n'chakuti chithunzi chochepetsedwa chimaonongeka, ndipo pepala losawerengeka lingamuluzitse munthu malo. Zoonadi, pali malire, ndipo malirewo atha kuwerengedwa. Madontho 1200 atayalidwa pa mamilimita 210 amapereka madontho pafupifupi asanu ndi limodzi pa milimita iliyonse, choncho nambala yotalika mamilimita awiri imapeza madontho oposa khumi, okwanira kuti iwerengeke bwino. Mukatsika kufika madontho 600 m'lifupi, nambala yomweyo imatsala ndi madontho asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo 3 amayamba kufanana ndi 8. Pa satifiketi ya MSCE zimenezi si zamasewera, pakuti 3 ndi giredi yabwino pamene 8 ndi kungokhoza chabe. Choncho pa pepala lathunthu lolembedwa, musatsike kwambiri pansi pa madontho 1200 m'lifupi. Chitupa cha unzika n'chaching'ono, mamilimita osakwana 86 m'litali, ndiye madontho 1000 amachikwanira ndi kutsala. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsegulani chithunzi chochepetsedwacho, chikulitseni ndi zala pa malemba ang'ono kwambiri, nambala ya mayeso kapena chidindo. Ngati mukuwerenga popanda kuganizira, chakwana. Ndipo chithunzi choyamba chija musachifute. Sungani chochepetsedwacho ngati fayilo ina, chifukwa madontho otayidwa sabwerera.

Pali njira ina yochepetsera imene mapulogalamu ambiri amaika patsogolo, yotsitsa Quality, ndipo iyi ndiyo imaononga mapepala a anthu. JPEG, imene inakhazikitsidwa mu 1992, imagawa chithunzi m'timabwalo ta madontho 8 ndi 8, n'kutaya m'kabwalo kalikonse tinthu tating'ono timene diso silingatione msanga. Pa Quality ya 75 kapena 80 zotayidwazo sizioneka, koma fayilo imapepuka ndithu. Mukafinya kufika 20 kapena 30 kuti chithunzi cha madontho 12 miliyoni chikwane pa malire a fomu, timabwalo tija timaonekera, ndipo m'mphepete mwa zilembo mumabwera zimphwimphwi zotuwa. N'chimodzimodzi kukanikiza thumba la chimanga kuti likwane pakaliyala m'malo mopungulako: likwana, koma litang'ambika. Dongosolo lake likhale kudula, kuchepetsa muyeso, kenako kutsitsa Quality pang'ono, ndipo zonse zichitike kamodzi kuchokera pa chithunzi choyamba. JPEG ikasungidwa mobwerezabwereza imatayako kanthu ulendo uliwonse, n'chifukwa chake chithunzi chochepetsedwa kanayi chimaoneka choipa kuposa cholemera chimodzimodzi chimene chinachepetsedwa kamodzi.

Ena adzati zonsezi n'kudzivutitsa, popeza WhatsApp imachepetsa yokha. Akunena zoona, ndipo kwa wotumiza chithunzi cha ukwati kwa achibale nkhani imathera pomwepo. WhatsApp imachepetsa chithunzi pa foni isanachitumize, mbali yaitali n'kukhala madontho pafupifupi 1600, pokhapokha mutasankha HD, imene inabwera mu 2023, kapena mutachitumiza ngati Document, pamene chimapita chonse monga chilili. Koma fomu ya pa intaneti kapena imelo si WhatsApp. Zambiri zimanyamula fayilo yonse, ndiponso zimadya bandulo ya intaneti wamba, osati ya WhatsApp imene makampani ngati Airtel ndi TNM amagulitsa payokha. Komabe mfundoyi ili ndi phindu limodzi: amene alibe kapulogalamu angadzitumizire yekha chithunzi pa WhatsApp, n'kutenga chochepetsedwacho kukakweza pa fomu. Njirayi imagwira ntchito ngati wayamba wadula m'mbali. Akapanda kudula, madontho 1600 aja amagawana pepala ndi thebulo, ndipo pepalalo lingatsale ndi osakwana 1000 m'lifupi.

Njira imene ndimaikana kwathunthu ndi ya masamba a pa intaneti olonjeza kuchepetsa chithunzi mwaulere. Ambiri mwa iwo amafuna kuti muyambe mwawakwezera fayilo yonse ya 4 MB, ndiye deta imene mumafuna kupulumutsa yapita kale, kuphatikiza ya zotsatsa zimene zadzaza tsambalo, ndi yotsitsira chithunzi chochepetsedwacho. Kuonjezera apo, mwapereka chitupa chanu, chokhala ndi dzina, nkhope ndi nambala, kwa anthu amene simukuwadziwa. Kuika chithunzi mu ZIP nako sikuthandiza, chifukwa JPEG ndi yofinyidwa kale ndipo imatsika pang'ono chabe. Kujambula sikirini kumachepetsadi, koma mosasankha: pa foni ya sikirini ya madontho 720 m'lifupi, pepala lonse limatsala ndi 720 omwewo, pafupi ndi malire aja osokonezera manambala, ndipo mafoni ambiri amasunga chithunzi chotere ngati PNG, imene pa zithunzi za kamera imalemera kuposa JPEG ya muyeso womwewo.

Chotsala ndi kajambulidwe, kamene kamakhudza kulemera kwa fayilo kuposa mmene anthu amaganizira. Chithunzi chojambulidwa m'chipinda chamdima chimakhala ndi timadontho tamchengamchenga pa pepala lonse, ndipo JPEG imayesa kusunga mchengawo ngati kuti ndi zolembedwa. Fayilo imalemera, malemba n'kumaoneka mwachimbuuzi. Pepala lomwelo likayalidwa pakhonde masana, pamthunzi, foni itagwiridwa molunjika pamwamba pake popanda fulashi, limatuluka loyera, ndipo pa muyeso womwewo wa 1200 ndi 1700 limapepuka kuposa la m'chipinda lija. Ngati fomu yalemba malire, tinene 500 KB, ndipo chanu chili 620 KB, bwererani ku chithunzi choyamba, dulani moyandikira m'mphepete mwa pepala, ikani Quality pa 70, n'kuyang'ananso pa Details musanayatse deta.