Malo odyera atsekedwa: ndi kolera kapena chidani?

Mphamvu yotseka malo odyera auve imaperekedwa kwa a zaumoyo kuti atiteteze ku matenda monga kolera. Wogwira ntchito akatseka malowo pofuna kuti mwiniwake alipire msonkho wa pamsika, waphonya cholinga cha lamulo, ngakhale alibe mtima woipa. Kuti mutsimikize zimenezi, yerekezani zomwe lamulo likufuna ndi zifukwa zimene iye wapereka. Gawo 43 la Malamulo Aakulu a dziko lino limakupatsani ufulu wolandira zifukwazo zolembedwa.

Kumunena kuti anachita dala mwachinyengo nkovutirapo, chifukwa khoti silimvera mphekesera. Muyenera kuonetsa kuti ankadziwa kuti chifukwa chakecho nchabodza. Apa pamafunika uthenga woopseza umene anatumiza, mboni yomwe inamva akupempha ndalama, kapena lipoti lake lomwe lonena kuti malowo anali aukhondo.